Masekondi 180: mmene ndinawerengera maola ndi ndalama za filimu ya makatuni yopanga ndekha

Nthawi yoyamba imene ndinafuna kupanga filimu ya makatuni ya mphindi zitatu, ndinadzipatsa masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lomalizira ndinalizunguliza ndi cholembera pakalendala ya kuchipinda kwanga. Masabata atatu atatha, ndinali nditamaliza masekondi 11 okha, ndipo mwezi wachinayi usanathe ntchitoyo ndinali nditaisiya. Masekondi 11 aja anali abwino ndithu, ndipo mpaka lero ndimawaonera. Chimene chinagwetsa ntchitoyo ndi chakuti masabata asanu ndi limodzi aja ndinangowatola m'mutu, osayeza kalikonse. Patapita chaka ndinayesanso ndi nkhani ina, ndipo ulendo wachiwiriwu filimu inatha. Ndikufuna kufotokoza mawerengedwe amene ndinachita ndisanayambe, chifukwa ndiwo anasiyanitsa maulendo awiriwa, pomwe luso langa lojambula linali lisanasinthe kwenikweni.

Mphindi zitatu ndi masekondi 180, ndipo filimu zambiri zimaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, zimene anthu a ntchitoyi timazitcha mafulemu. Choncho mphindi zitatu zimafuna mafulemu 4,320. Wojambula pamanja sajambula onsewa, chifukwa chojambula chimodzi chimatha kukhala pa mafulemu awiri otsatizana diso osadandaula, ndipo makatuni ochuluka amene tinakula tikuonera anapangidwa motero. Zikatero zojambula zimatsika kufika pa 12 pa sekondi, kapena 2,160 pa filimu yonse. Tsopano tiyerekeze kuti chojambula chimodzi chimatenga mphindi 20, kuwerengera kulemba mizere yoyamba, kuiyeretsa ndi kupaka utoto. Sekondi imodzi idzadya maola anayi, ndipo filimu yonse idzadya maola 720, tisanawerengere malo akumbuyo, mawu, nyimbo ndi kulumikiza. Munthu wogwira ntchito ina masana, amene amapeza maola 15 pa sabata, adzafunika masabata 48 pa kujambula kokha. Nambala imeneyi ndikadaidziwa poyamba paja, sindikadalemba masabata asanu ndi limodzi pakalendala.

Komabe nambala ya maola 720 si bajeti, chifukwa imaganiza kuti masekondi onse ndi ofanana. Sekondi imene munthu wakhala pampando n'kumangophethira ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi sekondi imene akuthamanga uku akutembenuka. Bajeti yeniyeni imayamba pamene wasiyanitsa masekondi otchipa ndi odula, ndipo zimenezi sizingatheke nkhani ikadali m'mutu kapena papepala lolembedwa mawu okha.

Nkhani yanga yachiwiri inali yachidule. Mtsikana watumidwa kuchigayo atasenza thumba la chimanga limene laboola pansi, mbuzi ikumutsatira ikudya chimanga chotayika, ndipo akafika kuchigayo apeza thumba lapepuka. Ampangankhani anali atatu: mtsikanayo, mbuzi, ndi bambo wa pachigayo. Ndinayamba ndi kujambula mawu, ngakhale kuti anali oyembekezera chabe, ndikulankhula ndekha mbali zonse pafoni. Ndinatero chifukwa pa filimu yoyamba ija ndinajambula milomo ikuyenda mawu ndisanawatenge, ndipo wolankhula atabwera analankhula mofatsa kuposa mmene ndinaganizira, moti milomo inatseka iye akadali pakati pa chiganizo. Mawu ndi amene amalamula utali wa zochitika, ndipo zolemba zimene papepala zimaoneka zazifupi zimatha kudya mphindi zinayi munthu akaziwerenga mokweza ndi kupuma koyenera. Zanga zinakwana mphindi zitatu ndi masekondi 40, ndipo ndinazidula mpaka zinalowa.

Kenako ndinajambula timabokosi ta zochitika, mothamanga, ndi mizere yosakongola, bokosi limodzi kapena awiri pa shoti iliyonse, ndiko kuti kagawo ka filimu kooneka mosadukiza filimu isanadumphire pa chithunzi china, n'kuziika pamwamba pa mawu aja mu pulogalamu yolumikizira mavidiyo. Chimenechi chimatchedwa animatiki: filimu yonse ikuyenda pa nthawi yake yeniyeni, koma ndi zithunzi zosasuntha. Inanditengera maola 30, ndipo pa maola onse amene ndinagwiritsa ntchito pa filimuyi, amenewa ndiwo anapulumutsa ambiri. Animatiki inandiuza kuti mutu wa filimu ndi mayina akumapeto zidzatenga masekondi 15, ndipo otsala 165 agawika m'mashoti 38.

Mashoti 38 amenewa ndinawaika m'magulu atatu. Gulu loyamba linali la mashoti 14, masekondi 60 onse pamodzi, momwe chithunzi chimangoyandikira kapena kusuntha pang'ono, kapena munthu amangoyendetsa milomo ndi maso. Gulu lachiwiri linali la mashoti 16, masekondi 70, momwe wojambulidwayo ndi chidole cha zidutswa zolumikizidwa ndi mafupa a pakompyuta, ndipo ine ndimangoika manja, mutu ndi nkhope pamalo ofunika, kompyuta n'kudzaza mafulemu apakati. Gulu lachitatu linali la mashoti asanu ndi atatu, masekondi 35, ofunika kujambula pamanja chojambula ndi chojambula: mtsikana akutula thumba, akutembenuka, mbuzi ikudumpha ngalande, ndiponso kuthamangitsana kwa pamsika.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimalimbikitsa aliyense wofuna kupanga filimu yekha. Ndinasankha shoti imodzi pagulu lililonse, n'kuipanga mpaka kumapeto, ndi utoto ndi mithunzi yomwe, wotchi ili patebulo ndi kope lolembamo nthawi yoyambira ndi yosiyira. Sindinasankhe mashoti osavuta kwambiri pagulu lake, ndipo ndinawerengera nthawi yonse, kuphatikizapo imene ndinataya pofufuza chifukwa chimene mkono wa chidole unkapindikira chammbuyo pachigongono. Zotsatira zinali zakuti gulu loyamba limadya theka la ola pa sekondi, lachiwiri ola ndi theka, ndipo lachitatu maola anayi. Nambala zimenezi ndi za dzanja langa, kompyuta yanga ndi kalembedwe kamene ndinasankha, ndipo wina akazitenga osayeza zake adzakhala akubwereza cholakwa changa choyamba chija. Wojambula wozolowera angathe kuthamanga kawiri kuposa ine, pomwe woyamba kumene angachedwe katatu.

Kuchokera pamenepo masamu anali osavuta. Gulu loyamba linafuna maola 30, lachiwiri maola 105, lachitatu maola 140, kutanthauza maola 275 oyendetsa zithunzi. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti masekondi 35 okha a gulu lachitatu ankadya zoposa theka la nthawi yonseyo. Pamwamba pa maola 275 ndinawonjezera zina zonse: maola 10 olemba nkhani, 30 a animatiki, 35 okonza maonekedwe a ampangankhani ndi kumanga zidole zawo, 45 ojambula malo akumbuyo asanu ndi anayi pa maola asanu aliwonse, 10 ojambula ndi kudula mawu enieni, 15 a nyimbo ndi phokoso la zinthu, ndi 20 olumikiza ndi kutulutsa filimu. Izi zinakwana maola 165, ndipo zonse pamodzi zinafika pa 440. Ndinawonjezeranso gawo limodzi mwa magawo anayi, maola 110, la zinthu zimene zidzalakwika ndi zofunika kubwereza, ndipo chiwerengero chinaima pa maola 550.

Maola 15 pa sabata amene ndatchula aja anali oyezedwanso. Kwa masabata awiri ndinalemba nthawi imene ndinakhaladi patebulo ndikujambula, ndipo ndinapeza maola awiri madzulo aliwonse apakati pa sabata ndi maola asanu Loweruka. Munthu akhoza kudziuza kuti adzagwira maola anayi usiku uliwonse akaweruka kuntchito, ndipo sabata yoyamba adzakwanitsadi, koma dzanja logwira cholembera cha pathabuleti limayamba kuwawa pamfundo, ndipo mizere ya ola lachinayi nthawi zambiri imafunika kubwerezedwa mmawa mwake. Maola 550 kugawa ndi 15 ndi pafupifupi masabata 37, kutanthauza miyezi yoposa isanu ndi itatu. Ngakhale munthu amene alibe ntchito ina, ngati amapeza maola 30 ojambuladi pa sabata, adzafunika masabata oposa 18.

Miyezi isanu ndi itatu inandichulukira, ndipo panali njira ziwiri zokha zoona: kuwonjezera maola pa sabata, kapena kuchepetsa ntchito. Njira yachitatu, yongouza pepala kuti ndidzafulumira, ndi imene imakopa kwambiri ndipo ndi yabodza. Ndinabwerera ku animatiki ndi maso a munthu wogula, ndikufunsa shoti iliyonse yodula ngati nkhani ingafe popanda iyo. Kuthamangitsana kwa pamsika kunali masekondi 15, ndipo kunali ndi mbuzi yothamanga, chinthu chovuta kwambiri chifukwa miyendo inayi iliyonse imatera panthawi yake, msana ukupindika ndi kutambasuka, ndipo cholakwika chochepa chimaoneka ngakhale kwa mwana amene anawetapo mbuzi. Ndinachotsa msika wonse. M'malo mwake woonera amaona nkhope ya bambo wa pachigayo, maso ake akutsatira chinthu chodutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja, amamva mapazi ndi kulira kwa mbuzi, kenako fumbi limatsika pang'onopang'ono. Masekondi 15 amenewo anachoka pagulu lachitatu kupita pagulu lachiwiri, ndipo anapulumutsa maola 37 ndi theka. Malo akumbuyo anatsika kuchoka pa asanu ndi anayi kufika pa asanu ndi limodzi, chifukwa msewu umodzi ndinaugwiritsa ntchito katatu, ndikusintha kuwala ndi mbali yoonekera, ndipo apa panapulumuka maola ena 15. Chiwerengero chatsopano, ndi gawo la zolakwika lomwe, chinali pafupifupi maola 485, kapena masabata 32. Ndinamva chisoni ndi msika uja chifukwa ndinali nditauganizira kale mitundu yake, koma anthu amene anaonera filimuyo amaseka kwambiri pa nkhope ya bamboyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikadakakamira kujambula mbuzi yothamanga, shotiyo ikadakhala yofooka.

Za ndalama zimatsatira maola, ndipo apa ndi pamene ambiri opanga okha amadzinamiza, chifukwa amalemba zimene zidzatuluke m'thumba n'kusiya nthawi yawo ngati yaulere. Ngakhale filimu itakhala yakoyako, ndi bwino kuika mtengo pa ola lako, chifukwa maola amenewo ukadatha kugwira ganyu yojambula zikwangwani kapena zotsatsa malonda. Tiyerekeze kuti ola limodzi walipatsa mtengo wa K5,000. Maola 485 akhala K2,425,000, ndipo imeneyi ndiyo mbali yaikulu ya bajeti. Kwa ine ndalama zotuluka m'thumba zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wa maola anga. Munthu akakufunsa mtengo womupangira filimu ya mphindi zitatu iwe n'kutchula zotuluka m'thumba zokha, ndiye kuti wavomera kugwira miyezi isanu ndi iwiri osalipidwa.

Mapulogalamu sanandidyere ndalama. Blender ndi yaulere ndipo ili ndi chida cha Grease Pencil chojambulira makatuni apamanja, Krita ndinajambulira malo akumbuyo, ndipo Audacity ndinayeretsera mawu. Palinso OpenToonz, pulogalamu ina ya makatuni imene inatulutsidwa kwaulere mu 2016. Mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi, monga Toon Boom Harmony, ndi abwino, koma woyamba ayenera kukumbukira kuti malipirowo amachulukitsidwa ndi miyezi yonse ya ntchito, ndi yochedwerayo, ndiponso kuti salipiridwa m'makwacha. Amene anali pakati pa ntchito yotere mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona mzere umenewu wa bajeti ukukwera tsiku limodzi. N'chifukwa chake chilichonse chochokera kunja, kaya ndi timisonga ta cholembera cha thabuleti kapena hadi disiki, ndimachigula kumayambiriro kwa ntchito osati pamene chafunika.

Ndalama zenizeni zinapita kwa anthu. Ndinalipira olankhula awiri pamodzi ndi thiransipoti yawo, ndipo tinajambulira m'chipinda chimene tinapachikamo mabulangete kuti mawu asabwerere kuchokera kumakoma, Lamlungu masana pamene kunja kunali phee. Ndinalipiranso woimba gitala kuti apeke kanyimbo ka filimuyi, ndipo tinalemberana papepala kuti ndili ndi ufulu woigwiritsa ntchito paliponse pamene filimuyo idzaonetsedwe. Kutenga nyimbo yotchuka popanda chilolezo kumaoneka kotchipa, koma filimu imatha kutsekedwa mawu kapena kuchotsedwa pa intaneti, ndipo okonza zionetsero za mafilimu amafunsa umboni wa chilolezo. Zotsala zinali bandulo ya intaneti, mayunitsi a magetsi, ndi hadi disiki yachiwiri yosungira mafayilo, imene ndinkakoperamo ntchito yonse Loweruka lililonse ndi kuisunga kunyumba kwa achemwali anga.

Pali mzere wina umene umaiwalika, ndiwo nthawi imene kompyuta imatenga potulutsa mafulemu omaliza, kumene timati kurenda. Pa makatuni athyathyathya ngati anga fulemu imodzi inkatenga masekondi ochepa, koma wopanga makatuni a 3D ayenera kuyeza zimenezi kumayambiriro, chifukwa fulemu yotenga masekondi 40 ikachulukitsidwa ndi 4,320 imakwana maola 48 kompyuta isanapume, ndipo kawirikawiri shoti imarendedwa kangapo. Kumene ndimakhala magetsi amathima mosadziwitsa, choncho sinditulutsa shoti ngati vidiyo imodzi. Ndimatulutsa fulemu iliyonse ngati chithunzi cha PNG payokha, kuti magetsi akathima pa fulemu 90 ndidzayambire pa 91. Zithunzizo zimadya malo, chifukwa fulemu ya 1920x1080 ikakhala 3 MB filimu yonse imafika pafupifupi 13 GB, koma kuzilumikiza kukhala vidiyo ndi pulogalamu ya ffmpeg n'kosavuta:

```
ffmpeg -framerate 24 -i shoti07_%04d.png -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p -crf 18 shoti07.mp4
```

Pa ndondomeko ya masabata, sindinatsatire dongosolo la nkhani. Filimu yoyamba ija ndinayambira pa shoti yoyamba n'kuikongoletsa mopitirira, ndipo mphamvu zonse zinathera pamenepo. Ulendo uno masabata asanu ndi atatu oyambirira anapita ku nkhani, animatiki, mawu enieni, zidole ndi malo akumbuyo. Kenako ndinayamba ndi mashoti angapo a gulu lachiwiri kuti dzanja lizolowere ampangankhani, n'kulowa m'mashoti ovuta pakati pa ntchito, pamene ndinali ndisanatope ndipo nthawi yosinthira maganizo inalipo. Mashoti osavuta ndinawasungira masabata a mavuto, pamene kunali maliro, chimfine kapena ntchito yambiri kuofesi, chifukwa ngakhale munthu wotopa amatha kumaliza shoti ya theka la ola pa sekondi n'kuona kuti filimu ikuyenda. Shoti yotsegulira filimu ndinaipanga chakumapeto, dzanja litakhwima. Shoti iliyonse ikatha ndinkaiika mu animatiki m'malo mwa kabokosi kake, moti filimu inalipo yathunthu tsiku lililonse, mbali ina yopakidwa utoto, mbali ina yamizere.

Lamlungu lililonse madzulo ndinkalemba nambala ziwiri m'kope: maola amene ndagwira sabata imeneyo, ndi masekondi amene atheratu. Shoti imene yatsala pang'ono sindinkaiwerengera, chifukwa mawu akuti yatsala pang'ono amatha kubisa maola asanu. Nambala ziwirizi zimaonetsa matenda awiri osiyana. Maola akachepa koma liwiro pa sekondi lili momwemo, vuto ndi nthawi ya pakhomo, ndipo mankhwala ake ndi kusuntha tsiku lomalizira. Maola akakwana koma masekondi akuchepa, ndiye kuti muyezo wa poyamba unali wolakwika kapena wayamba kukongoletsa mopitirira, ndipo mankhwala ake ndi kudula kapena kufewetsa mashoti amene atsala. Zachiwirizi zinandichitikira pa sabata ya 17 ndi ya 18, pamene mashoti a mbuzi ankadya maola oposa asanu pa sekondi m'malo mwa anayi. Nditafufuza ndinapeza kuti mawanga amene ndinaika pathupi la mbuziyo ankafunika kulondoloza chojambula chilichonse kuti asamavine pathupi. Pa shoti yoyesera ija ndinali nditayesa mtsikana, osati mbuzi, choncho vutoli silinaonekere. Ndinasiya banga limodzi lalikulu pamsana, n'kubwereza mashoti awiri amene anali atatha kale kuti afanane ndi otsalawo.

Kwa wopangira kasitomala, mawerengedwe omwewa amateteza mbali zonse ziwiri, koma pamafunika kuwonjezera zinthu ziwiri m'pangano. Choyamba, kasitomala avomereze animatiki polemba, chifukwa kusintha chiganizo pa animatiki kumatenga mphindi 20, pomwe kusintha chiganizo chomwecho shoti itapakidwa utoto kumafuna kuitananso wolankhula ndi kujambulanso milomo. Chachiwiri, masiku odikira yankho lake alowe m'ndondomeko, pamodzi ndi chiwerengero cha maulendo amene angapemphe zosintha. Malipiro ndi bwino agawidwe patatu, poyamba, animatiki ikavomerezedwa, ndi popereka filimu, kuti wopanga asakhale miyezi isanu akudya ngongole.

Filimu ya mtsikana ndi mbuzi inatha pa sabata ya 36 m'malo mwa ya 32, ndipo kope langa likuonetsa maola 510 m'malo mwa 485. Pa masabata anayi owonjezerawo, awiri anapita ku mawanga a mbuzi ndi kubwereza nyimbo imene inkaphimba mawu a bambo wa pachigayo, ndipo awiri enawo sindinagwire cholembera n'komwe chifukwa ndinali kumudzi kudwazika mayi. Pa filimu imene ndikukonzekera tsopano ndasintha zinthu ziwiri m'mawerengedwe: ndikuyesa shoti imodzi yovuta ya mpangankhani aliyense payekha, ndipo pa masabata 10 aliwonse ndikusiya sabata imodzi yopanda ntchito iliyonse yolembedwapo.